Kalembedwe ka imelo yopita kwa mphunzitsi wa patitayimu wa masamu a MSCE

Funso ili limabwera chaka chilichonse teremu yachiwiri ikangofika pakati. Ophunzira a Fomu 4, obwereza mayeso ndiponso makolo amafunsa kuti: "Tapeza mphunzitsi wa patitayimu, wati timulembere imelo yofotokoza zomwe tikufuna, ndiye tilembemo chiyani?" Ambiri amangolemba mizere iwiri: "Aphunzitsi, masamu amandivuta, mungandithandize? Mumatchaja zingati?" Imelo yotereyi siipereka chilichonse chomwe mphunzitsi angakonzere pulani. Zotsatira zake n'zakuti masabata awiri kapena atatu oyamba, omwe mwalipira kale, amathera pofufuza zomwe mukanatha kuzilemba nokha madzulo amodzi.

Malangizowa atenga chitsanzo cha masamu a MSCE chifukwa ndi omwe anthu ambiri muno mu Mzuzu amafunira mphunzitsi wapadera, koma njira yake mutha kuigwiritsa ntchito pa Fizikisi, Kemisitire kapena Chingerezi. Imelo yabwino imapereka zinthu zitatu zomwe mphunzitsi sangazidziwe payekha: kumene mukufuna kufika, pamene muli lero, ndi nthawi yomwe yatsala. Chachiwiricho ndiye chovuta, ndipo tikhalapo nthawi yaitali.

1. Musanatsegule foni, sonkhanitsani mapepala

Pezani mapepala awiri kapena atatu a mayeso a masamu omwe munalemba posachedwa ndipo anachongedwa: a kumapeto kwa teremu, a moko ngati mwalemba kale, kapena mayeso a m'kalasi. Moko ndi mayeso oyeserera aja omwe masukulu amalembetsa a Fomu 4 mayeso a MANEB asanafike. Chofunika ndi pepala lenilenilo lomwe pali dzanja lanu ndi inki yofiira ya wochonga, osati lipoti la sukulu. Lipoti limangonena kuti munapeza 38, silinena kumene 62 otsalawo anatayikira.

Ngati ndinu ekisitenolo, kutanthauza kuti munalembetsa mayeso koma simuphunzira m'kalasi ya masana ya sukuluyo, mwina mulibe pepala lochongedwa la chaka chino, ndipo MANEB siibweza mapepala omwe munalemba. Pamenepo tengani pasitipepa imodzi ya masamu, mutseke mabuku onse, muike wotchi patebulo, mulembe m'nthawi yomwe yalembedwa pachikuto cha pepalalo. Nthawi ikakwana lekani, ngakhale muli pakati pa funso. Musakonze chilichonse, musakoperenso mwaukhondo. Pepala limenelo, lofufutafufuta momwemo, ndi lomwe mphunzitsi akufuna kuliona.

Pezaninso mndandanda wa mitu ya m'silabasi kuyambira Fomu 3 mpaka Fomu 4. Tsamba la zam'katimu la buku lanu la masamu likwanira.

2. Nenani cholinga ndi giredi, ndipo nenani chifukwa chake

"Ndikufuna kukhoza bwino" si cholinga chomwe munthu angachikonzere pulani. Magiredi a MSCE amayambira 1 kulekeza 9: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, 9 ndi kulephera. Lembani nambala yomwe mukufuna, ndipo pambali pake lembani nambala yomwe muli nayo panopa.

Chifukwa chake n'chakuti pulani ya munthu wochoka pa 8 kupita pa 6 ndi yosiyana kotheratu ndi ya munthu wochoka pa 4 kupita pa 2. Woyambayo amafunika kugwira mitu yochepa mwamphamvu, kusiya kutaya malikisi pa mafunso osavuta, ndipo mitu ina yovuta kwambiri angathe kuisiya dala. Wachiwiriyo alibe mutu wouthawa. Amafunika mafunso ataliatali ndi liwiro. Mphunzitsi akapanda kudziwa kuti ndinu uti mwa awiriwa, adzayamba pa tsamba loyamba la buku n'kumapita nalo, ndipo Juni adzakupezani muli pakati.

Onjezani chiganizo chimodzi chonena chomwe girediyo mukuifunira. Mayunivesite a boma, kuphatikizapo Mzuni pa Luwingapa, amafuna makirediti asanu ndi limodzi ndipo limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi, koma pulogalamu iliyonse imatchulanso maphunziro omwe ikufuna. Werengani chilengezo cha pulogalamu yomwe mukuilakalaka ndipo mulembe zomwe chikunena za masamu. Ngati masamu mukungofuna kuti mapointi anu atsike, nenani choncho. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro asanu ndi limodzi omwe mwakhoza bwino koposa, ndiye mphunzitsi wanzeru angakuuzeni ngati ndalama zanu zingapindule kwambiri pa masamu kapena pa phunziro lina.

Musakweze cholinga pofuna kusangalatsa mphunzitsi kapena makolo. Amene ali pa 9 mu Malichi n'kulemba kuti akufuna 1 amakakamiza mphunzitsi kuthamanga ndi silabasi yonse, ndipo pamapeto pake palibe mutu womwe wakhazikika. Mutha kulemba ziwiri: "Chomwe sindingalole kuchiphonya ndi 6, zitayenda bwino ndingakondwe ndi 4."

3. Fotokozani zofooka zanu powerengera malikisi otayika

Apa ndi pomwe maimelo ambiri amagwera. Wophunzira amalemba kuti "ndimavutika ndi aljebura" kapena "jometire sindiimva". Mawu amenewa ndi aakulu kwambiri: aljebura ndi gawo lalikulu la silabasi. Choipa china n'chakuti nthawi zambiri mutu womwe wophunzira amaunena si womwe ukumulephetsa. Amatchula mutu womwe amauopa, pamene malikisi akutayikira pena.

Chitani chonchi. Tengani pepala lochongedwa lija ndi pepala lina loyera. Yendani funso ndi funso, ndipo paliponse pomwe simunapeze malikisi onse, lembani nambala ya funso, mutu wake, malikisi omwe munataya, kenako muike funsolo m'gulu limodzi mwa magulu anayi awa.

Gulu loyamba ndi la zomwe simunaphunzirepo kapena munaziiwala kotheratu. Chizindikiro chake ndi malo opanda kanthu, kapena munangokopera funso n'kulekera pomwepo. Mwina munadwala sabata yomwe mutuwo unkaphunzitsidwa, mwina kusukulu kwanu simunafikepo.

Gulu lachiwiri ndi la mafunso omwe njira munaidziwa, munayamba bwino, koma munasokoneza pakati. Wochonga anakupatsani malikisi a njira n'kukumanani a yankho. Yang'anani mzere weniweni pomwe inki yofiira yayambira.

Gulu lachitatu ndi la mafunso omwe simunamve chomwe akufunsa. Awa amakhala mafunso a nkhani, olembedwa m'Chingerezi chachitali: munthu waima patali ndi mtengo akuyang'ana kunsonga, kapena wamalonda akugula zinthu za mitundu iwiri ndi ndalama zoperewera. Njira yodziwira ndi iyi: ngati mnzanu atakujambulirani chithunzi kapena kukulemberani ikweshoni mumatha kumaliza nokha, vuto si masamu, ndi kusandutsa mawu kukhala masamu.

Gulu lachinayi ndi la mafunso omwe simunawafikire chifukwa nthawi inatha. Amaoneka okha: masamba omaliza ndi oyera, ndipo mukawawerenga lero mukuona kuti ena mukanawatha.

Mukamaliza, phatikizani malikisi a gulu lililonse. Tiyeni titenge wophunzira yemwe anapeza 38 pa 100 pa Pepa 1. Anataya 62. Atawerengera wapeza kuti 20 ndi a gulu loyamba, makamaka logarizimu ndi tirigonometire. 18 ndi a gulu lachiwiri. 10 a gulu lachitatu. 14 a gulu lachinayi. Wophunzirayu akanangolemba za m'mutu mwake akanati "logarizimu imandivuta", n'zoonadi. Koma taonani kuti malikisi 32, a gulu lachiwiri ndi lachinayi pamodzi, anatayika pa zinthu zomwe amazidziwa kale. Amenewa ndi malikisi obwerera msanga kuposa ena onse, ndipo mphunzitsi akaona manambalawa adziwa kuti sabata zoyamba zisathere pa mutu watsopano.

Gulu lachiwirili lifunika kulilowa mkati, chifukwa ndi momwe mumabisala muzu wa vuto. Nachi chitsanzo. Funso likuti pezani x:

```
2x² - 5x - 3 = 0
```

Wophunzira walemba fomula molondola, waika a = 2, b = -5, c = -3 molondolanso. Kenako walemba:

```
b² - 4ac = 25 - 24 = 1
x = (5 ± 1) / 4
x = 1.5 kapena x = 1
```

Yankho lolondola ndi ili:

```
b² - 4ac = 25 - 4(2)(-3) = 25 + 24 = 49
x = (5 ± 7) / 4
x = 3 kapena x = -0.5
```

Wophunzirayu m'imelo yake angalembe kuti "kwadiratiki imandivuta", ndipo mphunzitsi angathe maphunziro atatu akubwereza kwadiratiki. Koma kwadiratiki akuidziwa: fomula waikumbukira, a, b ndi c wawaika m'malo mwake. Chomwe chamugwetsa ndi kuchotsa nambala ya negetivi, nkhani ya ku Fomu 1. Akabwerera ku pepala lake mwina apeza kuti cholakwa chomwechi chili pa funso la giradiyenti, pomwe anafunika kuchotsa -2 pa 4 n'kupeza 2 m'malo mwa 6, chilinso pa matirikisi ndi pa mavekita. Mafunso anayi, mitu inayi yosiyana, matenda amodzi. Phunziro limodzi lokha la manambala a negetivi, ndi mafunso oyeserera sabata imodzi, zingabweze malikisi pa mitu yonse inayiyo.

N'chifukwa chake pa gulu lachiwiri musalembe dzina la mutu, lembani chomwe dzanja lanu linachita. "Ndikamachotsa nambala ya negetivi ndimasokoneza chizindikiro." "Mafulakishoni okhala ndi x pansi sinditha kuwaphatikiza." "Ndikamasamutsa nambala kupita mbali ina ya ikweshoni ndimaiwala kusintha chizindikiro." "Ndimafupikitsa madesimo pakati pa ntchito, yankho lomaliza n'kuphonya pang'ono." Ngati mwayang'anitsitsa koma simukuona pomwe munalakwitsa, lembani nambala ya funsolo ndi kunena kuti "apa sindikudziwa pomwe ndinasochera". Chiganizo chimenecho chimathandizanso, chifukwa chikuuza mphunzitsi kuti simunazolowere kuchonga ntchito yanu, ndipo luso limenelo limaphunzitsika.

Pa nkhani ya kakyuleta onaninso chinthu chimodzi. Ngati mayankho anu onse a tirigonometire ndi olakwika pamene njira ndi yolondola, dinani sin 30 pa kakyuleta yanu. Ikapereka 0.5 ili bwino. Ikapereka nambala ina, ndiye kuti siili pa madigiri, pa sikirini pakuoneka R kapena G m'malo mwa D, ndipo vuto lanu la "tirigonometire" litha m'mphindi imodzi popanda kulipira munthu.

Manyazi ndi omwe amaononga sitepe imeneyi. Wophunzira wa Fomu 4 safuna kulemba kuti mafulakishoni a ku pulayimale amamuvuta, ndiye amatchula mutu wooneka wolemekezeka. Makolo akamalembera mwana amabisanso: "ndi wanzeru ndithu, kungoti amasewera". Mphunzitsi adzazindikirabe pakapita masabata, koma masabatawo sabwerera. Ngati ndinu kholo, khalani pansi ndi mwanayo muwerengere limodzi malikisi aja, ndipo ndime ya zofooka ailembe yekha m'mawu ake.

Pomaliza pa sitepe iyi, tchulani mitu iwiri kapena itatu yomwe mumaikhoza. Si kudzitama. Mukuuza mphunzitsi kuti asakuthereni ndalama pa maseti kapena sitatisitikisi ngati mumapezapo malikisi onse.

4. Perekani tsiku la mayeso, ndipo werengani masabata nokha

Kulemba kuti "mayeso ndi a chaka chino" sikukwanira. Ngati taimutebulo ya MANEB yatuluka, koperani masiku enieni a masamu. Masamu ali ndi mapepala awiri, Pepa 1 ndi Pepa 2, ndiye lembani tsiku la lililonse. Lembaninso tsiku lomwe inuyo mukuyamba mayeso anu oyamba, chifukwa kuyambira tsiku limenelo mutu wanu udzakhala pa maphunziro ena, ndipo nthawi ya patitayimu idzakhala itatha ngakhale masamu akadali kutsogolo. Ngati taimutebulo siinatuluke, funsani ku ofesi ya sukulu yomwe munalembetsera, ndipo m'imelo nenani poyera kuti tsikulo ndi longoyerekeza. MSCE imalembedwa chapakati pa chaka, cha mu Juni ndi Julayi, koma musatenge tsiku la chaka chatha n'kulilemba ngati lotsimikizika. Mukamayerekeza, yerekezani tsiku loyandikira, osati lakutali.

Tsopano kuwerenga. Tinene kuti mukulemba imeloyo Lolemba pa 2 Malichi ndipo mukuyembekeza kuyamba mayeso Lolemba pa 29 Juni. Pakatipa pali masabata 17. Amaoneka ambiri, koma chotsanipo. Sabata ya Pasaka mukupita kumudzi ku Rumphi: atsala 16. Kusukulu kuli moko wa masabata awiri: atsala 14. Masabata atatu omaliza asakhale ophunzira chatsopano, akhale olemba mapasitipepa athunthu ndi wotchi: atsala 11. Mukamakumana kawiri pa sabata, ola limodzi ndi theka, ndiye maphunziro 22, maola 33. Mutu umodzi womwe simunauphunzirepo umadya maphunziro pafupifupi atatu kuti muumve, muuyesere ndi kuchongedwa. Ndiye kuti nthawi yanu ikukwana mitu isanu ndi iwiri, osati silabasi yonse.

Ikani kuwerengaku m'imelo. Kumasintha zokambirana zonse, chifukwa funso silikhalanso lakuti "mundiphunzitse masamu" koma lakuti "pa mitu yonseyi, isanu ndi iwiri yoyenera ndi iti". Pa funso limeneli ndi pomwe luso la mphunzitsi limaonekera.

5. Masiku, malo ndi ndalama

Perekani nthawi zenizeni zitatu kapena zinayi zomwe mungapezeke, mphunzitsi asankhepo ziwiri. "Nthawi iliyonse" imabala mauthenga khumi obwezana. Ngati mumaphunzira openi, yomwe imayamba masana a m'mawa akaweruka, nenani kuti mumapezeka m'mawa, pozindikira kuti mphunzitsi yemwe amagwira ntchito pasukulu nthawi imeneyo amakhala ali m'kalasi. Tchulani dera lomwe mumakhala. Wa ku Mchengautuwa yemwe mphunzitsi wake ali ku Luwinga ayenera kuwerengera ya kabaza popita ndi pobwera, ndipo mvula ya muno, yomwe imapitirira mpaka Epulo ngakhale Meyi, imajombetsa anthu ambiri maphunziro a madzulo. Ndi bwino kugwirizaniratu chochita tsiku lomwe mvula yakana kusiya.

Nenani maola omwe mungathe kugwira ntchito panokha pakati pa maphunziro. Pulani ya munthu yemwe ali ndi ola limodzi tsiku lililonse ndi ina, ya munthu yemwe amagulitsa pa shopu mpaka madzulo ndi inanso. Nenaninso chiyankhulo chomwe mumamva bwino pofotokozeredwa, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Chingerezi, koma pemphani kuti mafunso oyeserera akhale m'Chingerezi monga momwe adzabwerere pa mayeso.

Za ndalama funsani zinthu zinayi: amatchaja pa ola kapena pa mwezi, mumalipira poyamba kapena pomaliza, phunziro likalephereka chifukwa cha inu kapena cha iwo limabwezedwa bwanji, ndiponso ngati mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa gulu. Lomalizali anthu amaliiwala, n'kukapeza kuti "patitayimu" ija ndi kalasi ya ana khumi ndi asanu, momwe pulani yanuyanu siingatheke. Ngati ndalama zanu zili ndi malire, tchulani malirewo kuti pulani ikonzedwe molingana nawo. Wophunzira akakhala mwana, imelo ya kholo ikhale pa Cc, ndipo maphunziro azichitikira pamalo poonekera, monga pabalaza makolo alipo.

6. Lembani imeloyo

Pa Subject lembani zomwe mphunzitsi angazipeze msanga akamafufuza: phunziro, mayeso ndi mwezi. Thupi la imelo lisapitirire zomwe munthu angawerenge pa foni m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Ntchito yaikulu munaigwira pa sitepe 3, apa mukungoika zotsatira zake. Mutha kulemba m'Chichewa kapena m'Chingerezi, koma pewani zidule za pa WhatsApp. Nachi chitsanzo cha wophunzira uja:

Subject: Pempho la patitayimu, masamu a MSCE, mayeso kumapeto kwa Juni

Aphunzitsi,

Ndikhulupirira muli bwino. Dzina langa ndine Uje, ndili Fomu 4 ndipo ndimakhala ku Chibavi. Nambala ndi imelo yanu andipatsa ndi amalume anga. Ndikupempha kuti muzindithandiza masamu kukonzekera MSCE ya chaka chino.

Panopa ndili pa giredi 8. Ndikufuna kirediti, 6 kapena kuposera apo, chifukwa pulogalamu yomwe ndikufuna ku yunivesite ikufuna kirediti ya masamu.

Pa mayeso a teremu yatha ndinapeza 38 pa 100 pa Pepa 1 ndi 29 pa 100 pa Pepa 2. Pa Pepa 1 ndinataya malikisi 62 motere. Malikisi 20 ndi a mitu yomwe sindinaimvepo, logarizimu ndi tirigonometire. Malikisi 18 ndinataya pa mafunso omwe njira ndimaidziwa. Kawirikawiri ndimasokoneza chizindikiro pochotsa nambala ya negetivi, monga pa funso 4, 9 ndi 13, komanso mafulakishoni okhala ndi x pansi amandivuta. Malikisi 10 ndi a mafunso a nkhani omwe sindinathe kuwasandutsa ikweshoni. Malikisi 14 ndi a mafunso atatu omaliza omwe sindinawafikire. Pa Pepa 2 funso la magirafu ndinalisiya lonse. Maseti, sitatisitikisi ndi purobabilite ndimakhoza bwino.

Taimutebulo ya MANEB sindinaione, koma kusukulu atiuza kuti tiyembekeze kuyamba kumapeto kwa Juni. Ndikachotsa sabata ya Pasaka, masabata awiri a moko ndi atatu omaliza a mapasitipepa, ndikuona kuti tili ndi masabata 11 ophunzira. Ikangotuluka ndidzakutumizirani masiku ake.

Ndimapezeka Lachiwiri ndi Lachinayi kuyambira 4 koloko madzulo, komanso Loweruka m'mawa. Pandekha ndingathe kugwira ntchito ola limodzi tsiku lililonse. Ndimamva bwino mukamafotokoza m'Chichewa.

Ndikupempha mundiuze ngati muli ndi mpata, mtengo ndi kalipiridwe kake, ngati ndidzakhala ndekha kapena pagulu, komanso mitu yomwe mukuona kuti tiyambe nayo. Ndingakondwe mutandiyankha pofika Lachisanu kuti tiyambe sabata yamawa. Ndaphatikiza mapepala onse awiri ochongedwa. Mayi anga ali pa Cc ndipo za ndalama muzikambirana nawo.

Zikomo kwambiri,
Uje, ndi nambala ya foni

Onani kuti imeloyi siikulamula mphunzitsi kuti ayambe ndi mutu wakuti. Ikupereka umboni n'kumusiyira mpata woweruza, chifukwa mwina iye aona pa pepalapo chinthu chomwe inu simunachione. Onaninso kuti yapereka tsiku loyembekezera yankho, mwaulemu ndi chifukwa chake.

7. Zophatikiza ndi kutumiza

Jambulani mapepala masana pafupi ndi zenera, tsamba lililonse lonse lioneke, inki yofiira iwerengeke. Aphatikizeni akhale PDF imodzi pa pepala lililonse, masamba ali m'ndondomeko, m'malo motumiza zithunzi makumi awiri zosakanikirana. Gmail siilola zophatikiza zopitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo mphunzitsi nayenso amagula bandulo, ndiye chepetsani kukula kwake. Musaiwale pepala la mafunso; mayankho anu okha popanda mafunso sathandiza. Mukatumiza, tsegulani Sent muone ngati mafailo apitadi, kenako tumizani uthenga waufupi pa foni wonena kuti mwatumiza imelo, chifukwa aphunzitsi ambiri satsegula imelo tsiku lililonse. Pakapita masiku atatu osayankhidwa, kumbutsani kamodzi. Sabata ikatha, lemberani wina imelo yomweyo.

8. Yankho likabwera, lisandutseni pulani yolembedwa

"Bwerani Lachiwiri tiyambe" ndi kuvomera chabe, si pulani. Pulani yoti mugwirizane imaonetsa sabata ndi sabata mutu womwe mudzaphunzire, ntchito yomwe mudzatengere kunyumba ndi tsiku lomwe idzachongedwe. Aphunzitsi ena amafuna phunziro loyamba likhale la mayeso awoawo asanalembe pulani. Zimenezo n'zabwino, bola pulaniyo ibwere sabata yomweyo.

Kwa wophunzira wa chitsanzo chathu, pulani yomveka ingayambe ndi sabata imodzi ya manambala a negetivi ndi mafulakishoni, chifukwa zimenezi zikuononga mitu ina yonse. Kenako masabata awiri a tirigonometire, awiri a logarizimu pamodzi ndi maindekisi omwe logarizimu imatsamirapo, awiri a magirafu, awiri a mafunso a nkhani, ndipo awiri otsalawo akhale obwereza zomwe moko waonetsa kuti sizinakhazikike. Vuto la nthawi lisadikire masabata omaliza: mphindi 20 za phunziro lililonse la Lachinayi zikhale za mafunso asanu olemba ndi wotchi.

Pemphani kuti pakhale tsiku loyezera, cha pa sabata yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi. Tsikulo mulembe pasitipepa yathunthu yomwe simunaionepo, ichongedwe, ndipo muwerengerenso malikisi otayika m'magulu anayi aja. Ngati 18 a gulu lachiwiri atsika kufika pa 6 kapena 7, pulani ikugwira. Ngati sanasunthe, musaonjezere mutu watsopano. Bwererani pa manambala a negetivi ndipo chotsani mutu umodzi kumapeto kwa pulani.

Mukagwirizana pa foni kapena pamaso, lembani imelo yachiwiri yaifupi tsiku lomwelo, poyankha pa imelo yoyamba ija kuti zonse zikhale pamodzi: masiku ndi nthawi, malo, mtengo ndi tsiku lolipira, chochita phunziro likalephereka, mndandanda wa masabata ndi tsiku loyezera. Pemphani aphunzitsi ayankhe kuti avomereza kapena akonze pomwe mwalemba molakwika. Mukamalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba sungani uthenga wotsimikizira, ndipo taimutebulo ya MANEB ikatuluka itumizeni pa imelo yomweyo, muwerengenso masabata, chifukwa tsiku likasuntha ndi sabata imodzi yokha, maphunziro awiri achoka kapena aonjezeka pa pulani.